Masiku Asanu Amene Anadya Lendi ya Mwezi Wathunthu

Tsiku lopeza nyumba ya lendi m'tauni limakhala la phuma. Dobadoba waimba foni m'mamawa kuti ku Area 25 kwapezeka nyumba ya zipinda zitatu, ya mumpanda, madzi ndi magetsi zake, koma pali anthu ena awiri amene akuifunanso. Wofuna nyumba amathamanga, nkusuzumira m'zipinda, nkutsegula mpopi kuti aone ngati madzi akutuluka, mtima nkukhala pansi. Kenako alandilodi amatulutsa pepala la masamba atatu, lolembedwa m'Chingerezi, nkulitsamiritsa pa boneti ya galimoto pamodzi ndi cholembera. Anthu ambiri amangoyang'ana mzere umodzi wokha, wa mtengo wa lendi pamwezi, basi nkusaina.

Komatu mikangano yambiri ya pakati pa eni nyumba ndi matenanti sichokera pa mzere umenewo. Mtengo wa pamwezi aliyense amaudziwa ndipo amaukumbukira. Ndalama zimatayikira pa zinthu zitatu zimene zimabisala m'kati mwa pepalalo: masiku, dipoziti ndi zindapusa. Zitatuzi zimayendera limodzi. Tsiku likaphonyedwa limabala chindapusa, ndipo chindapusacho amachidula pa dipoziti. Wowerenga chimodzi nkusiya zinazo amakhala atawerenga theka la nkhani.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mayi wina, namwino, amene wapeza nyumba ya ku Area 25 ija. Ndalama zimene zili m'nkhani yake ndi zongoperekera chitsanzo, koma mfundo za m'pepala lake ndi zimene zimapezeka m'mapepala ambiri a lendi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Lendi ndi K300,000 pamwezi, yolipiriratu miyezi itatu itatu. Dipoziti ndi ya mwezi umodzi. Dobadoba wapempha K150,000 ya thukuta lake. Mayiyu asanagone ngakhale usiku umodzi m'nyumbamo, watulutsa kale K1,350,000: K900,000 ya lendi, K300,000 ya dipoziti, ndi ya dobadoba ija. Pa ndalama zonsezi, imene akuyembekezera kudzaionanso ndi K300,000 yokha.

Anasaina pa 20 Januwale 2025. Pepala likuti mgwirizano ukuyamba pa 1 Febuluwale 2025 ndipo udzatha pa 31 Januwale 2026. Koma pofika pa 1 Febuluwale mmisiri anali asanamalize kupenta, chimbudzi chinali chikudontha, ndipo makiyi anawalandira pa 10 Febuluwale. Apa pali masiku atatu osiyana: losaina, loyambira mgwirizano, ndi lolandira makiyi. Pakamwa anthu amawatchula ngati tsiku limodzi, koma lendi imawerengedwa kuchokera pa limene lalembedwa kuti ndi loyambira. Febuluwale wa 2025 anali ndi masiku 28, choncho tsiku lililonse linali pafupifupi K10,700. Masiku asanu ndi anayi amene mayiyu anagona kwa mchemwali wake ku Kawale, katundu ali pakhonde ataphimbidwa ndi tenti, anamudyera ndalama zoposa K96,000 za nyumba imene sanaigwiritse ntchito. Mzere umodzi ukanateteza ndalamayi: wonena kuti lendi iyamba kuwerengedwa tsiku limene makiyi aperekedwa nyumba itakonzedwa, ndipo zinthu zoyenera kukonzedwa nkuzitchula mayina ake. Mwini nyumba wachilungamo savuta kuvomera mzere wotere, chifukwa umamufulumizitsanso mmisiri wake.

Tsiku lachiwiri lofunika kuliyang'anitsitsa ndi lolipira. Pepala la mayiyu likuti ndalama ya miyezi itatu izifika pa 1 Febuluwale, 1 Meyi, 1 Ogasiti ndi 1 Novembala. Wolandira malipiro kumapeto kwa mwezi angaone ngati zili bwino, koma malipiro amachedwa nthawi zina, ndipo 1 Meyi ndi tchuthi cha tsiku la apantchito, pomwe 1 Novembala 2025 linali Loweruka. Funso loti adzifunse ndi lakuti kulipira kwenikweni nkuti: ndi tsiku limene watumiza ndalama, kapena limene yaonekera mu akaunti ya alandilodi? Pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndalama imafika nthawi yomweyo, koma cheke kapena ndalama yodutsa pakati pa mabanki awiri kumapeto kwa sabata ikhoza kuonekera tsiku lina. Pamene pali chindapusa cha tsiku ndi tsiku, kusiyana kumeneku kumasanduka ndalama. Nchifukwa chake pepala labwino limapereka masiku angapo opumira, kaya asanu kaya asanu ndi awiri, chindapusa chisanayambe kuwerengedwa, ndiponso limatchula akaunti kapena nambala imene ndalama izipitako. Ndalama yopatsira mwana wa alandilodi pageti, popanda lisiti, imavuta kuichitira umboni pakadutsa miyezi isanu ndi umodzi.

Mu Meyi mayi uja anachedwa. Pa tsiku loyamba anali ndi K700,000 yokha, imene anaitumiza, ndipo K200,000 yotsala anaimaliza patapita masiku 12. Pepala lake likuti wochedwa kulipira adzalipitsidwa 1 peresenti pa tsiku. Nambala ya 1 imaoneka yaing'ono, moti posaina sanaime nkomwe. Koma 1 peresenti ya chiyani? Ngati ndi ya ndalama yotsala, ndiye K2,000 patsiku, K24,000 pa masiku 12. Ngati ndi ya lendi yonse ya miyezi itatu, ndiye K9,000 patsiku, K108,000 pa masiku omwewo. Pepalalo linanena za "lendi yoyenera kulipidwa", ndipo alandilodi anawerengera pa K900,000 yonse. Mawu awiri kapena atatu okha anasiyanitsa K24,000 ndi K108,000.

Njira yapafupi yoyezera chindapusa chotere ndiyo kuchitambasula chaka chonse. Peresenti imodzi patsiku ndi 365 peresenti pachaka, chiwongoladzanja chimene palibe banki imene ingachilembe pa khoma lake. Chimenechi ndi chiwongoladzanja cha katapila. Wosaina ayeneranso kuona ngati chindapusacho chili ndi malire, ndiponso ngati chimaberekana, kutanthauza kuti chindapusa cha dzulo chikuphatikizidwa ku ngongole nkuyamba kubala chake lero.

Kodi khoti lingavomere chindapusa chilichonse chifukwa choti munthu anasaina yekha? Ayi, osati chilichonse. Malamulo a mapangano amene makhoti a ku Malawi amagwiritsa ntchito anachokera kwambiri ku malamulo a ku Mangalande, ndipo m'menemo muli mfundo yakale yosiyanitsa zinthu ziwiri. China ndi ndalama imene awiriwo anagwirizaniratu moona mtima ngati chipukutamisozi cha zimene wolakwiridwa angataye. China ndi ndalama yongoopsezera, yoposa kutali zimene munthu angataye, yoikidwa kuti mnzake achite mantha. Yoyambayo khoti limailemekeza; yachiwiriyo likhoza kuikana nkulamula kuti wolakwiridwa alandire zokhazo zimene watayadi. Ophunzira zamalamulo amaidziwira mfundoyi pa mlandu wa kampani ya matayala ya Dunlop, umene unagamulidwa ku Mangalande mu 1914. Koma pali chinthu chimene buku la malamulo silingamuthandize nacho namwino uja: dipoziti yake ili kale m'manja mwa alandilodi. Iwo sasowa kupita kukhoti kuti atenge K108,000, amangoidula. Amene ayenera kupempha tchuthi kuntchito, kulemba masamoni ndi kudikira tsiku la mlandu ndi tenanti. Nchifukwa chake chindapusa choipa chimatsutsidwa motchipa pa boneti ya galimoto paja, cholembera chisanakhudze pepala.

Chilungamo chimafunanso kunena kuti eni nyumba sayika zindapusa chifukwa cha nkhanza yokha. Ambiri anamanga ndi ngongole ya kubanki imene ili ndi tsiku lake, ena ndi opuma pantchito amene lendi ndiyo ndiwo zawo ndi fizi ya adzukulu. Tenanti akachedwa miyezi iwiri, nyumba ina imagona ndi njala. Chindapusa choyenera, monga ndalama yodziwika ikadutsa sabata yopumira, chilibe vuto. Chovuta ndi chimene chilibe malire ndiponso chosanena bwino pamene chikuwerengedwera.

Koma pamene mayi uja anataya ndalama zambiri ndi pa notisi.

Kumayambiriro kwa Seputembala anauzidwa kuti amusamutsira ku chipatala cha ku Mzuzu ndipo akayambe ntchito mu Novembala. Pa 29 Ogasiti anali atamva kale mphekesera za nkhaniyi, ndipo atakumana ndi alandilodi pamsika anawauza kuti, "Bambo, zikuoneka kuti mwina ndisamuka chaka chisanathe." Iwo anayankha kuti, "Palibe vuto mayi, tidzakambirana." Kalata yeniyeni anailemba ndi kuipereka pa 5 Seputembala. M'mutu mwake anawerenga kuti miyezi itatu ya notisi ithera pa 5 Disembala, ndipo poti anali atalipira kale mpaka pa 31 Okutobala, ankayembekezera kuwonjezera mwezi umodzi ndi masiku asanu.

Pepala linkanena zina. Linkati notisi ikhale yolemba, ya miyezi itatu yathunthu ya pa kalendala, yoyamba kuwerengedwa pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Zokambirana za pamsika sizinali notisi, chifukwa sizinalembedwe komanso zinali za "mwina". Kalata ya pa 5 Seputembala inayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala, nkudya Okutobala, Novembala ndi Disembala, mpaka pa 31 Disembala. Akanaipereka pa 31 Ogasiti, ikanayamba pa 1 Seputembala nkutha pa 30 Novembala. Masiku asanu okha a pakati pa 31 Ogasiti ndi 5 Seputembala anamuwonjezera mwezi wathunthu, K300,000, wa nyumba imene anali atatulukamo kale, uku akulipiranso ina ku Katoto.

Ndipo anali ndi mwayi kuti pepala lake linali ndi khomo lotulukira. Mapepala ena a chaka chimodzi alibe mfundo yolola kutuluka nthawi isanakwane. Pa mgwirizano wotero, munthu akachoka mu Okutobala mwini nyumba akhoza kufuna lendi yonse mpaka pa 31 Januwale, chifukwa lonjezo linali la miyezi 12. Apa mpamene aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi onse amene ntchito yawo imawasamutsa mosayembekezera ayenera kuima nkupempha mzere wonena kuti kalata ya kusamutsidwa ikabwera, notisi ya mwezi umodzi kapena iwiri ikwanira. Mzere wina wothandiza ndi wonena kuti tenanti watsopano akalowa notisi isanathe, wakaleyo asiye kulipira kuyambira tsiku lomwelo. Popanda mzere umenewu zimachitika kuti nyumba imodzi ikulipiridwa ndi anthu awiri mwezi umodzi, wina ali m'katimo, wina ali ku Mzuzu.

Notisi ili ndi mbali zina ziwiri zimene anthu amazidumpha. Yoyamba ndi kaperekedwe kake. Ngati pepala likuti kalata iperekedwe pamanja kapena ku adiresi yakutiyakuti, uthenga wa pa WhatsApp ukhoza kukanidwa, ngakhale utaonetsa kuti unawerengedwa. Chanzeru ndi kulemba makalata awiri ofanana, mwini nyumba nkusaina ndi kulemba tsiku pa imodzi, tenanti nkuisunga. Ngati awiriwo amalankhulana kwambiri pa foni, alembe m'pepala momwemo kuti uthenga wa pa nambala zakutizakuti ndi notisi yovomerezeka. Yachiwiri ndi kufanana kwa mbali zonse. Pepala limene likuti tenanti apereke miyezi itatu koma mwini nyumba akhoza kumutulutsa ndi notisi ya masabata awiri ndi lopendekera, ndipo kupendekera kwake kumamveka tsiku limene mwana wa alandilodi wabwera kuchokera ku Joni nkufuna pokhala.

Palinso tsiku lomaliza lenileni, la 31 Januwale. Mapepala ena amati mgwirizano udzadzikonzanso wokha kwa chaka china ngati palibe amene wapereka notisi miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike. Zikatero tsiku loopsa silikhala 31 Januwale koma 31 Okutobala kapena 30 Novembala, ndipo wolidumpha amadzuka mu Febuluwale atamangidwa chaka china. Pamene pepala silinena kanthu, ndipo tenanti wapitiriza kukhala, mwini nyumba nkumalandira lendi mwezi ndi mwezi, mfundo yodziwika ya malamulo ndi yakuti mgwirizano umasanduka woyendera nyengo ya malipiro, ndipo notisi yake imalingana ndi nyengoyo: wolipira mwezi ndi mwezi amapereka kapena kulandira notisi ya mwezi. Mfundo imeneyi ndiyo imagwiranso ntchito kwa anthu ochuluka a ku Ndirande, Mtandire, Chinsapo ndi Bangwe amene amakhala m'nyumba za lendi popanda pepala lililonse.

Pafupi ndi tsiku lomalizali pamakhala mfundo ya kukweza lendi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, penti ndi malata inakwera, ndipo eni nyumba ambiri anafuna kukweza lendi mwamsanga. Amene mapepala awo ankati lendi idzaunikidwa kamodzi pachaka, ndi notisi yolemba, anali ndi poimira. Amene mapepala awo ankati mwini nyumba akhoza kusintha lendi nthawi iliyonse anangolandira uthenga pa foni. Tsiku lounikira lendi, kutalika kwa notisi yake, ndi malire a kakwezedwe ngati awiriwo agwirizana, zonsezi ndi masiku ndi manambala oyenera kuoneka pa pepala.

Tsopano dipoziti, imene mayi uja ankaiwerengera kuti imuthandiza kulipira lole yopita ku Mzuzu.

Dipoziti si lendi ndipo si mphatso. Ndi ndalama ya tenanti imene mwini nyumba akusunga ngati chikole, kuti pakadzakhala chowonongeka kapena ngongole adzatengepo. Kusamvetsetsana kumayambira pa dzina lenilenilo. Wina akati "ndalipira miyezi inayi", mnzake amamva kuti itatu ndi lendi, wachinayi ndi dipoziti, pomwe wolipirayo akuganiza kuti wachinayiwo ndi lendi ya mwezi womaliza. Lisiti ya dipoziti iyenera kukhala payokha, yolembedwa mawu oti dipoziti, ndipo ndalamayo ipite kwa mwini nyumba kapena kwa munthu amene pepala lamutchula kuti ndi womuimira. Dipoziti yoperekedwa kwa dobadoba amene dzina lake silili pa pepala ikhoza kuzimiririka naye limodzi, mwini nyumba nkunena moona kuti sanaione. Palinso ndalama ina yogwirira nyumba, imene munthu amapereka kuti asaipereke kwa wina pamene akusaka zotsala. Imeneyo ndi yosiyana, ndipo asanaipereke ayenera kudziwa ngati idzabwezedwa akasintha maganizo, kapena idzaphatikizidwa ku lendi.

Matenanti ambiri, poopa kuti dipoziti sidzabwera, amangosiya kulipira mwezi womaliza nkunena kuti, "Mudule pa dipoziti." Mapepala ambiri amaletsa zimenezi m'mawu omveka, ndipo wochita zotero amakhala wachedwa kulipira lendi, chindapusa cha tsiku ndi tsiku chija nkuyamba kuthamanga. Ngati awiriwo akufunadi kutero, agwirizane molemba.

Mayi uja atapereka makiyi, analandira mndandanda wa zodula. Penti ya nyumba yonse, K180,000. Galasi la zenera la kukhitchini, K25,000. Bilu ya madzi, K70,000. Loko wa chitseko cha kubafa, K20,000. Zonse pamodzi K295,000, ndipo chotsala chinali K5,000. Tikaziona chimodzichimodzi, nkhani imasintha. Galasi lija linali long'aluka kale tsiku limene analowa; analiona, koma sanalilembe paliponse. Bilu ya madzi inali ndi ngongole ya tenanti wakale, chifukwa mita inali ya bilu ya kumapeto kwa mwezi ndipo palibe amene analemba manambala ake pa 10 Febuluwale. Loko anauthyoladi mwana wake atadzitsekera m'bafa, ndipo umenewo unali mlandu wake woona. Penti ndiyo inali nkhani yaikulu.

Pali kusiyana pakati pa kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito bwinobwino ndi kuwonongeka. Penti yofwifwa ndi dzuwa, chogwirira chitseko chofooka ndi zaka, mpopi woyamba kudontha chifukwa rabala yatha, zimenezi ndi ukalamba wa nyumba, ndipo lendi imene mwini amalandira ndiyo imalipira ukalambawo. Khoma lakuda ndi utsi wa mbaula imene inkayatsidwa pabalaza nthawi ya kuthima kwa magetsi, matailosi osweka ndi mtondo, sinki yong'ambika, zimenezo ndi zowononga tenanti. Koma pepala likhoza kusuntha malire amenewa. La mayiyu linali ndi mzere wonena kuti potuluka tenanti adzapenta nyumba yonse m'kati, ndipo mzerewo unalibe mawu opatula kutha kwa masiku onse. Anakhala m'nyumbamo miyezi yosakwana isanu ndi inayi, makoma ali oyera, koma anali atalonjeza kupenta. Akanauona posaina, akanapempha kuti kupenta kukhale kwa amene wakhala zaka ziwiri kapena kuposa, kapena kuti aloledwe kupeza mmisiri wake ndi kugula penti yekha m'malo modulidwa mtengo umene sanauone lisiti yake.

Chida chimene chikanapulumutsa K25,000 ya galasi ndi gawo lalikulu la K70,000 ya madzi sichifuna loya. Ndi kuyendera nyumba limodzi tsiku lolandira makiyi, chipinda ndi chipinda, wina akulemba. Zenera lililonse litsegulidwe, swichi iliyonse iyatsidwe, chimbudzi chigejemulidwe, maso akwere kusiling'i kukaona madontho a mvula ya chaka chatha. Manambala a pa mita ya madzi alembedwe ndi kujambulidwa. Pa mita ya ESCOM yogulira mayunitsi, alembe mayunitsi otsala, ndipo nkwanzeru kugula mayunitsi ochepa tsiku lomwelo nkuyang'ana pa lisiti ngati pali ndalama imene yadulidwa kubweza ngongole yakale ya pa mitayo. Makiyi awerengedwe. Zithunzi zitumizidwe kwa mwini nyumba tsiku lomwelo kuti tsiku lake lioneke, ndipo pepala la zonsezi lisainidwe ndi onse awiri. Ntchito yonseyi imatenga ola limodzi. Potuluka, ulendo womwewo ubwerezedwe nyumba ili yopanda katundu, pepala lakale lili m'manja.

Chomwe chimasowa kwambiri m'mapepala a kuno ndi tsiku lobwezera dipoziti. Amangoti idzabwezedwa tenanti akatuluka, osanena kuti liti, ndipo "akatuluka" amatha kukhala mawa kapena chaka chamawa, kapena tsiku limene tenanti watsopano adzabweretse yake. A Malawi amene anakhalapo ku Joni amadziwa kuti kumeneko lamulo la nyumba za lendi la 1999 linaika manambala: dipoziti isungidwe mu akaunti yobala chiwongoladzanja chimene ndi cha tenanti, nyumba iyenderedwe limodzi polowa ndi potuluka, ndipo ngati palibe chowonongeka ndalama ibwezedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri, kapena masiku 14 kuchokera pamene zowonongeka zakonzedwa. Ku Mangalande, kuyambira mu 2019 dipoziti ya nyumba zambiri siloledwa kuposa lendi ya masabata asanu, ndipo mwini nyumba ayenera kuiika m'ndondomeko yovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30. Malamulo amenewo sagwira ntchito ku Area 25, koma palibe choletsa anthu awiri a ku Area 25 kubwereka nzeruyo nkuilemba m'pepala lawo: dipoziti ibwezedwe pasanathe masiku 14 makiyi ataperekedwa, chodula chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo ngati bilu yomaliza ya madzi sinatuluke, asungeko gawo lodziwika lokha mpaka itatuluka.

Mzere woopsa kuposa yonse ndi wonena kuti tenanti akaphwanya mfundo iliyonse ya mgwirizano, dipoziti yonse yapita. Mawu oti "iliyonse" amaphatikiza kuchedwa tsiku limodzi, kusunga nkhuku kuseri, kapena kugoneka mlendo sabata ziwiri. Chimenechi ndi chindapusa chovala malaya a dipoziti, ndipo chiyenera kuyezedwa ndi muyeso womwe uja: kodi K300,000 ikufanana ndi zimene mwini nyumba wataya? Chimodzimodzinso mzere wopatsa mwini nyumba mphamvu yokhoma loko wake pachitseko, kudula madzi kapena kutenga katundu tenanti akachedwa. Aliyense wokhala m'makomboni anaonapo chitseko chitazulidwa kapena lata litachotsedwa padenga pofuna kuthamangitsa wa ngongole. Malamulo ali ndi njira yake yotolera ngongole ya lendi ndi yotulutsira munthu m'nyumba, yodzera kukhoti ndi kwa asherifu, ndipo amene waona mzere wotere achite bwino kufunsa wodziwa malamulo asanasaine. Kwa amene sangakwanitse loya, kuli Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa zamalamulo, ndipo milandu ya ndalama zocheperapo imamvedwa kumakhoti a majisitireti.

Nanga pepala likasinthidwa, lisinthidwe bwanji? Sipafunika kulitayipanso. Mzere wokanidwa ukhwatchidwe ndi cholembera, mawu atsopano alembedwe pambali, ndipo onse awiri asaine pafupi ndi kusinthako pa makope onse awiri. Tsamba lililonse lisainidwe pansi kuti lina lisadzalowetsedwe pakati. Malo osalembedwa, monga mpata wa tsiku kapena wa ndalama wosiyidwa kuti "tidzadzaza", atsekedwe nthawi yomweyo. Lonjezo la pakamwa, loti geti lidzakonzedwa kapena chindapusa "ndi chongolemba, sititsata", likhale pa pepala, chifukwa mapepala ambiri ali ndi mzere wonena kuti zolembedwazo ndizo mgwirizano wonse, ndiponso chifukwa nyumba ikhoza kugulitsidwa kapena mwini wake kumwalira, otsala nkudzawerenga zolembedwa zokha. Ndipo tenanti achoke ndi kope yake yosainidwa tsiku lomwelo. Kupempha kuti pepala ligone kunyumba usiku umodzi kuti wina wodziwa Chingerezi cha malamulo alione si mwano; mwini nyumba wokana ngakhale chithunzi cha pa foni cha pepala limene akufuna kuti lisainidwe wapereka kale chizindikiro.

Tikawonkhetsa za namwino uja: pafupifupi K96,000 ya masiku asanu ndi anayi a mu Febuluwale, K84,000 yoposera pa chindapusa cha mu Meyi, K300,000 ya Disembala, K180,000 ya penti, K25,000 ya galasi, ndi ngongole ya madzi ya munthu wina, tinene K50,000 mwa K70,000 ija. Zonse pamodzi zikufika pa K735,000, lendi ya miyezi iwiri ndi theka kungotsala pang'ono, m'nyumba imene anagonamo kuyambira pa 10 Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala. Zimene anayeneradi kulipira pa zolakwa zake zinali K24,000 ya kuchedwa, K20,000 ya loko wa kubafa, ndi K20,000 ya madzi amene banja lake linagwiritsa ntchito mwezi womaliza.